“Ndalama zanga zili kuti?” Kayankhulidwe koyenera kampani ya ndalama za pafoni

Munthu amene akutumiza ndalama pafoni koyamba sapatsidwa kanthu kogwira m'manja. Kubanki amatuluka ndi kapepala kodindidwa. Kale, pamene envulopu inkapatsiridwa kondakitala wa basi, panali nkhope ya munthu yoti ukaifunse ndalama zikasowa. Pafoni pali mawu okha: mizere itatu kapena inayi pa kagalasi kakang'ono, kenako uthenga umodzi wobwera pambuyo. Mawuwo akamveka, munthu amaika foni m'thumba mtima uli m'malo. Akapanda kumveka, amabwerera kwa ejenti kukatapa ndalama zonse tsiku lomwelo, ndipo ulendo wina amakazisunga pansi pa matiresi.

Airtel Money inayamba m'Malawi mu 2012, TNM Mpamba mu 2013. Papita zaka zoposa khumi, ndipo kwa ambiri a m'tauni kuimba *211# kapena *444# kunasanduka chizolowezi. Koma oyamba kumene sanathe ndipo sadzatha. Alipo agogo amene mdzukulu wawagulira kafoni ka mabatani, mlimi amene ogula soya amuuza kuti amulipira pafoni, mnyamata amene wangolandira chiphaso cha unzika n'kulembetsa nambala yakeyake. Anthu amenewa ndi amene kampani iyenera kuwaganizira ikamasankha mawu.

Makampani amene amasamala nkhaniyi amakhala ndi kabuku ka kayankhulidwe. Ndi kabuku ka m'kati mwa kampani, kouza aliyense amene amalemba kapena kuyankhula m'dzina la kampaniyo mawu oti agwiritse ntchito ndi oti awapewe. Amakawerenga ndi wolemba mauthenga a pafoni, woyankha makasitomala akaimba, wokonza zotsatsa za pawailesi, ndi wophunzitsa maejenti. Banki ya Monzo ya ku Britain inaika kabuku kake poyera kuti aliyense awerenge. Cholinga n'chakuti ngakhale olemba akhale makumi atatu, kasitomala amve ngati akuyankhulidwa ndi munthu mmodzi. Munthu mmodziyo amasintha liwu malinga ndi pamene ali, monga mmene mkulu wa mpingo sayankhulira mofanana paukwati ndi pamaliro, koma womumva amadziwabe kuti ndi yemwe uja.

Mabuku ambiri otere amayamba ndi mawu okoma: ndife ochezeka, ndife amakono, ndife odalirika. Ine ndikuona kuti tsamba limenelo silithandiza wolemba aliyense. Kabuku ka kampani ya ndalama za pafoni kayenera kumangidwa pa funso limodzi limene woyamba kumene amakhala nalo mumtima nthawi iliyonse akadina batani: ndalama zanga zili kuti tsopano? Uthenga umene wayankha funsoli m'mawu ake oyambirira ndi wabwino. Umene sunayankhe ndi woipa, ngakhale ukome bwanji.

Ulendo wa K15,000

Tiyerekeze mayi wa kumudzi amene mwana wake wa ku Lilongwe wamutumizira K50,000. Pa ndalamazo akufuna kutumiza K15,000 kwa mchemwali wake. Tinenenso, mongoyerekeza, kuti kampani imadula K300 pa ndalama zotere. Mayiwa amatha kuwerenga Chichewa pang'onopang'ono, manambala amawadziwa bwino, Chingerezi ayi.

Malo oyamba amene mawu amagwira ntchito yaikulu ndi pamene foni ikufunsa komaliza, ndalama zisanapite. Kabuku kabwino kamalamula kuti pamenepa paoneke zinthu zinayi, motsatana chonchi: ndalama zingati, kwa yani, tidula zingati, zonse pamodzi zingati.

“Mukutumiza K15,000 kwa UJE. Tidula K300 yotumizira. Zonse pamodzi K15,300. 1. Inde, tumizani 2. Ayi, bwererani”

Pamene pali UJE pamaoneka dzina la wolandira monga analembetsera. Dzinali ndi limene limapulumutsa anthu, chifukwa kulakwitsa nambala imodzi mwa manambala khumi n'kosavuta, koma mayi sangalephere kuzindikira kuti dzina laonekalo si la mchemwali wake. N'chifukwa chake lamulo n'lakuti dzina lisadulidwe kuti papezeke malo a moni kapena mawu otsatsa malonda. Ngati malo achepa, chochoka ndi china chilichonse, dzina litsale.

Taonaninso mawu akuti “tidula”. Pabenchi ya ejenti anthu amafunsa kuti, “Adula zingati?” Kampani ikayankha ndi mawu omwewo, palibe chotanthauzira. Ndipo yadzitchula yokha kuti ndi iyo ikudula, sinabisale kuseri kwa mawu onga akuti “ndalama zina zichotsedwa”, amene sanena wochotsayo. Mawu oti apewedwe pano ndi “chindapusa” ndi “msonkho”. Chindapusa amalipira wolakwa, choncho mayi akaona mawuwa amaganiza kuti wapalamula. Msonkho ndi wa boma, ndipo utchulidwe pokhapo pamene ulidi msonkho, pamzere wakewake.

Kalembedwe ka ndalama nakonso kali ndi lamulo lake. K15,000 ilembedwe chomwecho, ndi kachizindikiro kolekanitsa masauzande, popanda maziro awiri a matambala kumapeto. Makompyuta amakonda kulemba 15000.00, koma kwa munthu amene akuwerenga pa kagalasi kosweka, dzuwa likuswa mtengo, maziro asanu otsatana amasokoneza, ndipo akhoza kuganiza kuti akutumiza ndalama zochuluka kuposa zimene ali nazo. Kampani isankhe K kapena MK, n'kukhala pomwepo m'mauthenga onse.

Mayi adina 1, alemba nambala yawo yachinsinsi, ndipo ndalama zapita. Uthenga wobwera ndiye lisiti lawo.

“Mwatumiza K15,000 kwa UJE. Tadula K300 yotumizira. Zatsala K34,700. Sungani uthengawu ngati umboni.”

Uthengawu uli ndi zilembo 99, kuwerengera ndi mipata yomwe, choncho patsala malo a dzina lonse, tsiku, ndi nambala ya lisiti. Nambala ya lisitiyo, imene imakhala yaitali ndiponso yosakanikirana ndi zilembo, ikhale kumapeto. Ndi yofunika pokadandaula, koma siyankha funso la mayi. Uthenga woyamba ndi zilembo zosamveka umachititsa munthu kuleka kuwerenga asanafike pa mawu akuti “mwatumiza”.

Pali kanthu kakang'ono m'Chichewa kamene wolemba ayenera kukayang'anitsitsa. “Mutumiza” ndi “mwatumiza” amafanana kwambiri pamaso, chimodzimodzi “zipita” ndi “zapita”, pamene tanthauzo lake latalikirana: kwina ndalama zikadali m'manja, kwina zachoka. N'chifukwa chake pofunsa tinalemba “mukutumiza” n'kuikapo inde ndi ayi, ndipo pa lisiti tinawonjezera ndalama zotsala. Munthu akaona K34,700 sakayikanso kuti zachitika.

Pamene zinthu zavuta

Gawo limene liyenera kutenga masamba ambiri m'kabukuka ndi la mauthenga a zolephereka, ngakhale kuti kawirikawiri ndi limene limasiyidwa kwa akatswiri a makompyuta kuti alembe okha. Zotsatira zake ndi mawu awiri a Chingerezi, `Transaction failed`, kapena nambala ya vuto imene amaimva ndi amisiri okha. Kwa amene anazolowera, ameneyu ndi netiweki chabe. Kwa mayi athu, K15,000 yalowa m'madzi.

Kutumiza kukavuta, ndalama zimakhala pa amodzi mwa malo atatu: sizinachoke, zafika, kapena zili panjira. Malo aliwonse akhale ndi uthenga wake, chifukwa chochita cha mayi n'chosiyana. Ngati sizinachoke:

“Ndalama sizinapite. K50,000 yanu ikadali yonse. Vuto ndi netiweki yathu, si inu. Yesaninso pakapita kanthawi.”

Chiganizo choyamba chanena chimene chachitika, chachiwiri chanena kumene ndalama zili, chachitatu chanena mwini vuto, chachinayi chanena chochita. Chiganizo chachitatucho ena amachiona ngati chosafunika, koma woyamba kumene amayamba ndi kudziimba mlandu. Amati ndine wosaphunzira, ndadina polakwika, ndaononga. Kumuuza kuti vuto si iye kumamubwezera mphamvu yoyesanso. Komanso zinenedwe pokhapo pamene zili zoona. Ngati ndalama sizinapite chifukwa n'zosakwana, uthenga unene mosazungulira kuti, “Muli ndi K15,100. Kuti mutumize K15,000 pakufunika K15,300.” Pamenepa palibe kudzudzula, pali masamu okha, ndipo munthu waona yekha kuti akupereweza K200.

Choopsa kwambiri ndi pamene ndalama zili panjira: zachoka kwa wotumiza koma sizinafike kwa wolandira. Izi zimachitika makamaka potumiza kuchokera ku kampani ina kupita ku ina, kapena pakati pa banki ndi foni, chifukwa makompyuta a mbali ziwiri amayenera kumvana. Munthu akangouzidwa kuti zalephereka, amatumizanso, ndipo zonse ziwiri zikadutsa amapezeka kuti walipira kawiri. Mawu ofunika koposa pano ndi amodzi: “musatumizenso”.

“K15,000 yachoka kwa inu koma sinafike kwa UJE. Musatumizenso. Tikuunika, ndipo tikuuzani pasanathe maola 24 ngati yafika kapena tabweza.”

Maola 24 amenewo asalembedwe ndi wotsatsa malonda. Wolemba apite kwa amene amabweza ndalama akafunse kuti zimatengadi nthawi yaitali bwanji. Ngati ndi masiku atatu, alembe masiku atatu. Munthu amene wauzidwa masiku atatu amadikira, pamene amene wauzidwa “posachedwapa” amayenda makilomita angapo m'mawa mwake kukakalipira ejenti amene sanalakwe kanthu. Mawu ngati “posachedwapa”, “pompano” ndi “musadandaule” akhale pamndandanda wa oletsedwa. Kuuza munthu amene ndalama zake zasowa kuti asadandaule n'kumunyoza. Muuzeni kumene zili ndi tsiku limene adzamve yankho.

Nambala yachinsinsi ili ndi vuto lakelake. Makampani ambiri amatseka akaunti munthu akailakwitsa katatu motsatana, ndipo n'zoyenera, chifukwa zimateteza mwini wake foni ikabedwa. Koma woyamba kumene salidziwa lamuloli mpaka litamugwera. Uthenga uziwerenga naye limodzi: “Nambala yachinsinsi si imeneyi. Mwatsala ndi mwayi umodzi, mukalakwitsanso titseka kuti titeteze ndalama zanu.” Ndipo ikatsekedwa, chiganizo choyamba chikhale chakuti ndalama zili bwinobwino, kenako kumene apite ndi chiphaso chake kuti akatsegulitse. Mawu akuti “akaunti yanu yatsekedwa” paokha amamveka ngati ndalama zalandidwa.

Kupepesa kuli ndi malire ake. “Pepani” mmodzi ndi wokwanira pamene kampani ndiyo yalakwitsa. Kupepesa pa uthenga uliwonse kumathetsa mphamvu ya mawuwo, ndipo kumadya malo amene akanakhala a yankho.

Malo ndi ochepa

Malamulo onsewa amachokeranso pa chinthu chimene owerenga ambiri sachidziwa. Uthenga umodzi wa pafoni umanyamula zilembo 160 basi. Mndandanda umene umaoneka munthu akaimba nambala yoyamba ndi * n'kuthera ndi # sudutsa zilembo 182 patsamba limodzi, ndipo umadzitseka wokha munthu akachedwa kuyankha. Wowerenga pang'onopang'ono, ngati mayi athu, nthawi ikhoza kumuthera asanamalize tsamba lalitali, n'kuyambiranso pachiyambi. Kufupikitsa kuno ndi chifundo kwa iye.

Kwa olemba Chichewa pali msampha wapadera. Zilembo 160 zija zimatheka ngati uthenga walembedwa ndi zilembo za pamndandanda wakale wa mafoni. Chilembo cha ŵ palibe pamndandandawo. Chikangolowa kamodzi, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena kamene kamanyamula zilembo 70 zokha. Chimodzimodzi kachizindikiro ka m'mawu ngati m'manja ndi ng'ombe: kowongoka kalipo pamndandanda, koma kopindika, kamene kompyuta imakonda kuika yokha munthu akamalemba kalata, palibe. Tizithunzi ta nkhope zoseka natonso n'chimodzimodzi. Zikatero lisiti la zilembo 99 lija limagawika pawiri, kampani imalipira kawiri, ndipo pa mafoni ena zidutswazo zimafika padera kapena chilembo chachilendocho chimaoneka ngati kabokosi. Wolemba amadziwa kuti wagwa mumsamphawu akaona uthenga waufupi ukuwerengedwa ngati mauthenga awiri. Kabuku kanene poyera: m'mauthenga lembani w wamba ndi kachizindikiro kowongoka, ndipo uthenga uliwonse uyesedwe pa kafoni ka mabatani usanatumizidwe kwa anthu.

Koma kuchepa kwa malo kusakhale chifukwa chodulira mawu monga achinyamata amachitira pocheza. Agogo sadziwa kuti “ndlm” ndi ndalama. Chotsani chiganizo chonse chosafunika, mawu otsalawo alembedwe athunthu.

Chinthu chimodzi, dzina limodzi

Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza mawu amodzimodzi ndi ulesi. Pa ndalama za pafoni lamuloli limatembenuka. Ngati pawailesi akuti “kutapa ndalama”, pamndandanda wa pafoni palembedwa “kuchotsa”, ndipo ejenti akuti “kukesha”, woyamba kumene amaganiza kuti ndi zinthu zitatu. Kabuku kakhale ndi tsamba la mawu ochepa osankhidwa, mwina khumi ndi asanu, ndipo aliyense awatsate: kuika, kutapa, kutumiza, kulipira, zotsala, nambala yachinsinsi, ejenti. “Kutapa” kumaposa “kuchotsa” chifukwa “kuchotsa” kukhoza kutanthauzanso zimene kampani yadula.

Posankha mawuwa, wolemba asafunse buku lotanthauzira mawu, afunse msika. Pali mawu obwereka amene anakhazikika kale, monga foni, ejenti, netiweki ndi mayunitsi, ndipo kuwapangira Chichewa chatsopano n'kuwonjezera ntchito kwa wowerenga. Palinso mawu a m'maofesi amene anthu wamba sanawalandire, ndipo amenewo asalowe ngakhale atalembedwa m'kalembedwe kathu. Ngongole itchedwe ngongole, chiwongoladzanja chitchedwe chiwongoladzanja, ndipo zilembedwe m'makwacha: “Mukongola K10,000. Mudzabweza K11,000 pofika pa 30 Juni.” Kuitcha “thandizo” kapena “mphatso” ndi bodza, ndipo munthu akadzazindikira sadzakhulupiriranso uthenga wina uliwonse wa kampaniyo.

Phunziro la kusankha mawu a anthu linaoneka ku Kenya. M-Pesa, imene Safaricom inakhazikitsa mu Malichi 2007, inayesedwa poyamba ngati njira yobwezera ngongole zing'onozing'ono. Poona mmene anthu ankaigwiritsira ntchito, eni ake anaitsatsa ndi uthenga umodzi waufupi wouza anthu kuti atumize ndalama kumudzi. Sanafotokoze za luso la makompyuta, anatchula chinthu chimene wogwira ntchito ku Nairobi ankachita kale mwezi ndi mwezi.

Za ulemu sizifuna mawu ambiri. Kasitomala ndi “inu” nthawi zonse, kaya ali ndi zaka 18 kaya 80. “Iwe” ndi chiyankhulo cha achinyamata zikhoza kukoma pa chikwangwani chotsatsa mabandulo, koma zisafike pa lisiti. Nthabwala zikhale pasewero la pawailesi. Ndipo uthenga wa m'Chitumbuka kapena m'Chiyao ulembedwe ndi eni chiyankhulocho kuchokera pa funso lomwe lija, osati kumasulira liwu ndi liwu kuchokera ku Chingerezi.

Musamveke ngati wakuba

Pafupifupi aliyense amene ali ndi foni m'dziko muno analandirapo uthenga wakuti “ndalama ija mutumize pa nambala iyi”, kapena anaimbiridwapo ndi munthu wodandaula kuti watumiza ndalama molakwitsa, mumubwezere. Ena amadzitcha ogwira ntchito ku kampani, n'kunena kuti mwapambana mphoto, kapena kuti nambala yanu itsekedwa lero mukapanda kuchita zimene akuuzeni. Akubawa zida zawo ndi zitatu: kufulumizitsa, kuopseza, ndi kulonjeza zaulere. Amene amagwa kwambiri ndi woyamba kumene, chifukwa sanadziwebe mmene kampani yeniyeni imayankhulira.

Apa ndi pamene kabuku ka kayankhulidwe kamasanduka chitetezo. Kampani ikamatumiza yokha mauthenga akuti “Fulumirani! Mwasankhidwa! Mwayi utha lero!”, ikuphunzitsa makasitomala ake kuti mawu otere ndi abwinobwino, ndipo wakuba akabwera ndi mawu omwewo sakayikiridwa. Choncho lamulo likhale lolimba ngakhale a zotsatsa adandaule: pa nkhani ya ndalama, kampani sifulumizitsa munthu, siopseza, silemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, ndipo siika zizindikiro zofuula. Lisiti lisasakanizidwe ndi malonda. Likhale ndi maonekedwe amodzi chaka ndi chaka, kuti munthu alizolowere ndipo lachinyengo limudabwitse.

Pali chiganizo chimodzi chimene chiyenera kunenedwa mofanana paliponse, pawailesi, pakhoma la ejenti, ndi mu uthenga woyamba umene munthu amalandira akangolembetsa: “Sitidzakufunsani nambala yanu yachinsinsi. Wokufunsani ndi wakuba.” Chisasinthidwe pofuna kukometsa. Ndipo kampani ichisunge: woyankha makasitomala asafunse nambalayo ngakhale pofuna kuthandiza. Chiganizo chachiwiri n'cha amene auzidwa kuti abweze ndalama: “Musabweze nokha. Onani kaye ndalama zanu zotsala, ndipo wolakwitsayo aimbire ife.” Chifukwa chake n'chakuti uthenga wachinyengo umachokera pa nambala wamba ya foni ndipo ndalama zotsala sizisintha, pamene lisiti lenileni limabwera ndi dzina la kampani.

Munthu akabedwa n'kuimba kudzadandaula, mawu oyamba asakhale akuti “bwanji munapereka nambala yanu?” Iye akudziwa kale kuti walakwitsa, ndipo manyazi ndi amene amachititsa ambiri kukhala chete. Woyankha afunse nthawi, ndalama zingati, ndi nambala imene zapita, achite zotheka msanga, ndipo anene zoona ngati ndalamazo zatapidwa kale ndipo mwayi wozipeza ndi wochepa. Malangizo abwere pomaliza.

Pakamwa pa ejenti

Kwa mayi athu, kampani si nyumba yaitali ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kampani ndi mtsikana wokhala pansi pa ambulera pamsika. Kabuku kamene kathera pa mauthenga kasiya theka la ntchito. Ejenti sangawerenge masamba makumi anayi, koma akhoza kusunga khadi limodzi la ziganizo zochepa. Atchule mokweza ndalama ndi zodulidwa asanayambe: “Amayi, mukutapa K20,000, ndipo adula zakuti.” Apereke foni kwa mwini wake ndi kuyang'ana kumbali pamene akulemba nambala yachinsinsi. Awerenge ndalama pamaso pa kasitomala, ndipo amudikire mpaka uthenga utafika.

Chovuta kwambiri n'chakuti oyamba kumene ambiri amapereka okha foni ndi nambala yachinsinsi kwa ejenti, n'kunena kuti, “Ingondipangirani, mwanangu.” Pamzere pakakhala anthu, ejenti amaona kuti kuvomera n'kwachangu. Kabuku kamupatse mawu okanira mwaulemu: “Agogo, nambala imeneyi ndi yanu nokha, ngakhale ine ndisaidziwe. Dinani apa, ndikudikirani.” Ndipo ejenti akakhala kuti alibe ndalama zokwanira, asangoti “floti yatha” kapena kunamizira netiweki. Anene kuti, “Ndalama zanu zilipo, ine ndi amene ndaperewera lero. Yesani kwa anzanga apo.” Kusiyana kwa mayankho awiriwa n'kwakukulu kwa munthu amene sadziwa kuti floti n'chiyani.

Pali malire amene tiyenera kuwavomereza. Mawu abwino sangakonze mitengo yokwera, netiweki yodukaduka, kapena kubweza ndalama kochedwa. Ndiponso uthenga wolembedwa, ngakhale umveke chotani, sufika kwa amene sawerenga konse. Iye amadalira mdzukulu kapena mnansi kuti amuwerengere. Ichi ndi chifukwa china cholembera mwachidule ndi moika manambala poonekera: uthengawo udzawerengedwa mokweza ndi mwana wa Sitandade 5, ndipo uyenera kumvekabe.

Njira yodziwira ngati kabuku kagwira ntchito si kukambirana m'chipinda cha misonkhano. Tengani kafoni ka mabatani, pitani pamsika wa kumudzi tsiku la msika, ndipo pezani anthu khumi amene sanatumizepo ndalama pafoni. Aonetseni uthenga umodzi umodzi. Musawafunse kuti “mwamva?”, chifukwa mwaulemu wathu adzati “eya” ngakhale asanamve. Afunseni kuti, “Ndalama zanu zili kuti tsopano, ndipo muchita chiyani?” Ngati atatu mwa khumiwo ayankha molakwika, kapena atembenukira kwa mnzawo kuti awathandize, vuto lili ndi uthengawo, ndipo ulembedwenso. Magwero ena a umboni ali kale m'kampani: mafunso amene anthu amaimbira mobwerezabwereza. Anthu ambiri akamaimba kufunsa ngati ndalama zapita, ndiye kuti lisiti silikunena.

Inu amene mumalemba mauthengawa, yambani ndi a zolephereka sabata ino, chifukwa ndi amene akuthawitsa anthu. Ndipo inu owerenga amene muli ndi kholo kapena mnansi amene wangoyamba kumene, khalani naye pansi muwerenge limodzi lisiti lake loyamba, mumuonetse pamene pali dzina, zodulidwa ndi zotsala, ndipo mumuuze kuti nambala yachinsinsi asauze munthu aliyense, ngakhale inuyo.